Za rolo ya pa madiramu yolowera mu kolasi: voyisi ya amalume kwa mphwawo wa ku Mufakose

Eya mphwanga, ndi ine malume ako. Ndamvera zija unajambula ku pulakatisi ya kwaya Loweruka. Manja ali bwino, sindikunama. Koma rolo yako yochoka mu vesi kulowa mu kolasi ija, aaa, ikumafika msanga, oyimba akumadzidzimuka. Ndiye khala pa madiramu, timitengo m'manja.

Choyamba... ayi dikira, tiyambire kumapeto. Rolo uziyipanga kuyambira pomwe ukukatera. Ukutera pa wani wa kolasi, kiki ndi kirashi limodzi, tshaa! Kirashi yopanda kiki pansi pake imamveka yopepuka, woyimba besi sadziwa poti apondepo. Ndiye uyambe wadziwa dzanja lomwe likamenye kirashi, kenako uwerenge chobwerera m'mbuyo.

Titenge nyimbo yanu yomweyi. Mabiti anayi pa baa, vesi ili ndi mabaa 8. Mabaa 7 oyambawo usakhudze kanthu, biti yako basi. Baa ya 8, wani ndi thuu ukuyimbabe biti, rolo iyambe pa firii. Pa firii kumenya kanayi, pa folo kanayi, zonse 8. Kanayi pa sineya, ta-ka-ta-ka, kawiri pa tomu yaying'ono, kawiri pa tomu yapansi ija, du-gu-du-gu, tshaa. Wayamba ndi lamanja, ukusinthanitsa, ndiye lomaliza ndi lamanzere, lamanja lili kale m'mwamba kupita ku kirashi. Wamva? Ndibwereze. Kumenya kukakhala 2, 4, 8, dzanja loyamba ndi lomwenso limatera.

Tsono pamene ine panandivutapo kwambiri ndili mnyamata ku Highfield ndi pa zitatuzitatu paja, ta-ka-ta pa folo pokha. Manja, manzere, manja, ndiye wani akugwera lamanzere, pomwe kirashi ili kumanja uko. Dzanja lamanja lomwe langomenya tomu lija limathamanganso, limafika mochedwa, kapena umadula rolo kuti lifike. Ndinkayesa vuto ndi liwiro, ayi, ndi kasanjidwe ka manja. Yamba ndi lamanzere: manzere, manja, manzere, tshaa lamanja. Kapena manja, manzere, manzere. Yesa pompano pa ntchafu. Ayi, pang'onopang'ono. Manzere, manja, manzere, lamanja kirashi. Ee, choncho.

Phazi lamanzere! Ndikanayiwala. Hayihati isasiye kuponda nthawi ya rolo, chiki, chiki, pa biti iliyonse. Manja akachoka pa biti, phazi limenelo ndi lomwe latsala kukusungira nthawi. Iweyo umalisiya, n'chifukwa chake pa sineya ukumathamanga. Ndipo ukafika pa tomu yapansi udzaona zina, chikopa chake ndi chofewa, kamtengo sikadumpha kokha ngati pa sineya, uyenera kukanyamula ndi mkono, apo ayi mpamene umatsalira. Ika metironomu ya pa foni pa 80, mabaa atatu biti, yachinayi rolo, osayima. Kirashi ikagwa ndendende, kulira kwa metironomu kumabisika, sukumva. Ukakumva pambuyo pa kirashi, wathamanga. Zikakhazikika upite pa 100, kenako 120.

Panali mnyamata wina ku Mbare, manja othamanga zedi, ndinamuwuza zomwezi, iye ayi amalume ine nthawi ndili nayo m'mutu. Ku ukwati wina anarola baa yonse, matomu onse, akutera n'kuti kolasi isanafike, kwaya theka yalowa theka ikudikira. Mayi wotsogolera anachita kuyimitsa ndi dzanja. Komanso ankarola pamwamba pa mawu. Ichi chimandipweteka kwambiri. Mvetsera pomwe wotsogolera akumalizira mzere wake. Ngati liwu lomaliza likukoka mpaka pa firii, iwe wangotsala ndi folo, kumenya kanayi kapena kawiri kokha, ta-ka, tshaa, zakwana. Mu sungura ndiye makamaka, liwiro lija ndi magitala olukanalukana aja, rolo yayitali imangodetsa, sineya pang'ono basi walowa.

Ndiye bureki, pomwe nonse mumayima musanabwereze kolasi yomaliza. Mumenye wani limodzi, gwira kirashi ndi dzanja isalire. Chete ameneyo ali ndi mabiti ake, thuu, firii, akuwerengedwa. Anthu amalowa msanga chifukwa chete amaopsa, ali ngati kondakitala wa kombi woyitanira galimoto isanayime. Ponda hayihati motsitsa kuti a besi ndi a kiyibodi amve, pa folo sineya kamodzi, pha, nonse pa wani.

O, ndi pobwerera ku vesi, kuchoka mu kolasi, kumeneko kukutsika. Rolo izitsika mphamvu, kirashi isiye, tera pa kiki ndi hayihati yotseka. Ujambule zinayi zimenezi, ya 8, ya zitatu, bureki ndi yotsikayi, metironomu izimveka, unditumizire lisanafike Loweruka. Upereke moni kwa amayi ako.