Madzi adzafika pati mu ngalande ya makoma oongoka?

(Kamera ikuonetsa ngalande ya simenti m'minda ya mpunga, ndodo yoyezera itaimikidwa m'madzi)

Muli bwanji nonse? Lero tili kuno ku Zomba, mbali ya ku Likangala, kumene alimi a mpunga amadalira madzi a m'ngalande. Taonani ndodoyi. Ndayeza pano, ndayezanso mamita makumi awiri kutsogoloku, kuya kwa madzi n'chimodzimodzi. Zikatero ndiye kuti mphamvu yokokera madzi kumunsi yafanana ndi mphamvu ya makoma ndi pansi yowabweza m'mbuyo. Funso lathu n'lakuti, tisanamange n'komwe ngalande, tingadziwe bwanji kuti madziwo adzafika pati?

Timagwiritsa ntchito fomula ya Robert Manning, injiniya wa ku Ireland, imene anaipereka mu 1889. Anaipeza poyerekeza miyeso ya madzi oyenda, ndiye imadalira kwambiri kuti inu mwaiona bwino ngalande yanu.

(Pa sikirini)

```
Q = (1/n) × A × R^(2/3) × √S
A = b × y    P = b + 2y    R = A/P
```

`Q` ndi madzi odutsa pa sekondi imodzi, `b` ndi mulifupi mwa ngalande, `y` ndi kuya kumene tikufuna, `S` ndi kutsetsereka, ndipo `n` ndi kukhakhala kwa makoma ndi pansi. `A` ndi kukula kwa malo amene madzi adzaza mukaidula ngalande chopingasa, `P` ndi kutalika kwa m'mbali monyowa, ndipo `R` ndi `A` wogawidwa ndi `P`. Pa `P` chenjerani. Timawerengera pokhapo pamene madzi akukhudza simenti: pansi ndi makoma awiri. Pamwamba pali mpweya, musaphatikizepo.

Tiyerekeze ngalande ya mita imodzi mulifupi, yoti itenge malita 500 pa sekondi, kutanthauza `Q = 0.5` mu makiyubiki mita. Imatsika masentimita khumi pa mamita zana alionse, ndiye `S = 0.001`. Ambiri amaphonya apa, amalemba 0.1 chifukwa pa pulani analembapo mu peresenti. Simenti yake si yosalala kwenikweni, tiipatse `n = 0.015`.

Vuto n'lakuti `y` ali mu `A`, alinso mu `P`, moti simungamutulutse payekha. Timachita kuyesa. Zodziwika kale tiziike mbali imodzi.

```
A × R^(2/3) = n × Q / √S = 0.237
```

Nambala imeneyi, 0.237, ndi imene tikusaka. Tiyambe ndi theka la mita. `A` ndi 0.5, `P` ndi 2, `R` ndi 0.25, zonse pamodzi zikutipatsa 0.198. Yachepa, madzi ayenera kukwera. Tiyese 0.6: tikupeza 0.252, yapitirira. Yankho lili pakati. Pa 0.57 tikupeza 0.236, ndipo apa tafika. Madzi adzaya masentimita 57, akuyenda pafupifupi masentimita 88 pa sekondi. Mmisiri akamanga makoma a masentimita 75, pamwamba patsala mpata wabwino.

(Kamera ikuyandikira khoma: ndere, pulasitala wosweka, mchenga pansi)

Koma bwerani pafupi muone ichi, pakuti n'chimene chandibweretsa. Ndikapalasa ndi dzanja, ndere zikuchoka, pansipa pali mchenga ndi timiyala, udzu wamera m'ming'alu. Ngalande yotere sitingainenenso kuti ndi 0.015. Tiike 0.025, ngati ya miyala yomangira kapena ya dothi. Nambala yosaka ija tsopano ndi 0.395, ndipo mukayesa monga tachitira muja mupeza masentimita 85. Madzi ndi omwe aja, malita 500, kutsetsereka n'komwe kuja, koma akwera ndi masentimita 28. Makoma a 75 aja asefukira, ndipo amene munda wawo uli kumapeto atsala opanda madzi. Komanso apa sitinawerengere malo amene matope adya pansi.

N'chifukwa chake ine posankha `n` sinditenga ya simenti yatsopano. Ndimaganiza mmene ngalandeyo idzaonekere itagwira ntchito zaka zingapo, makamaka ngati kupala ngalande kumachitika mwa apo ndi apo. Kuwonjezera mzere umodzi kapena iwiri ya njerwa lero n'kotsika mtengo kusiyana ndi kukonza khoma limene madzi alikumba kunja.

(Tikuyenda kulowera ku geti)

Fomulayi ili ndi malire ake. Imagwira pa chigawo chachitali, choongoka, chimene mulifupi ndi kutsetsereka sizisintha. Pafupi ndi geti ngati ili, kapena kalavati yothina, madzi amaunjikana n'kukwera, ndipo pa kutsetsereka pang'ono ngati kwathuku zimenezi zimafika kutali chakumtunda. Pamene ngalande ikugwera pansi, madzi amaphwa. Ndiye mukafuna kutsimikiza masamu anu, talikirani malo amenewa, muyeze malo atatu motsatana. Kuya kukafanana, yerekezani ndi zimene munapeza. Kukamakula mukamapita kumunsi, pitirizani kuyenda, chilipo chimene chatseka madzi kutsogoloko.