Matumba 10 a simenti amene palibe anaba: awiri akasintha mzere umodzi wa detabesi nthawi imodzi

[Wofotokoza pa kamera]

Moni nonse, takulandirani. Lero tikambe za resi kondishoni, vuto lobwera pamene awiri akugwira chinthu chimodzi nthawi imodzi, makamaka mtundu wake uja woti zimene munthu wangolemba mu detabesi zimafufutidwa ndi mnzake, popanda wodziwa, ndipo sikirini osaonetsa cholakwika chilichonse.

Chitsanzo chathu n'chongopeka. Hadiweya ina ili ndi mashopu awiri, ku Limbe ndi ku Chirimba, koma katundu yense amakhala m'nyumba imodzi ku Makata. Mashopu onsewa amagwiritsa ntchito detabesi imodzi. M'tebulo la `katundu`, simenti ili pa mzere wa nambala 7, ndipo kwatsala matumba 40.

[Pa sikirini: khodi]

```sql
SELECT zotsala FROM katundu WHERE id = 7;
-- pulogalamu ikuchotsera: 40 - 10 = 30
UPDATE katundu SET zotsala = 30 WHERE id = 7;
```

Umu ndi mmene ambiri timalembera poyamba. Kuwerenga nambala, kuchotsera mu pulogalamu, kenako kulemba yankho. Mukayesa nokha pa laputopu zimayenda bwinobwino, chifukwa muli nokha.

[Pa sikirini: mbali ziwiri, Limbe kumanzere, Chirimba kumanja]

Tsopano ndi Loweruka m'mawa, kumapeto kwa mwezi, anthu alandira. Ku Limbe kasitomala akufuna matumba 10. Pulogalamu yawerenga, yapeza 40. Isanalembe kanthu, ku Chirimba kontirakita wina akufuna matumba 25. Nakonso pulogalamu yawerenga, yapeza 40 yomweyo, poti palibe chasintha. Ya ku Limbe yalemba 30. Ya ku Chirimba yachotsera 25 pa 40 imene inawerenga ija, yalemba 15.

Matumba amene agulitsidwa ndi 35, ndiye ku Makata kwatsala 5. Kompyuta ikuti 15. Malisiti onse awiri atuluka, ndalama zonse zalowa, koma malonda a ku Limbe aja, kumbali ya sitoko, zili ngati sanachitike.

Lolemba kubwera munthu ndi lole, alipira matumba 12, kompyuta ivomera. Akafika ku Makata apeza 5. Ndipo woyamba kufunsidwa sadzakhala wolemba pulogalamu ayi. Adzakhala mkulu wosunga katundu uja, pamodzi ndi mlonda.

Mungadziwe bwanji kuti ndi vuto limeneli osati kuba? Yang'anani kusiyanako. Ngati kukufanana ndendende ndi lisiti limodzi, monga 10 wathuyu, fufuzani nthawi ya lisitilo. Mukapeza lina la katundu yemweyo limene linatuluka pafupifupi nthawi yomweyo, mwamugwira. Kawirikawiri zimabwera masiku a pikitipikiti, n'kuzimiririka masiku a zii, n'chifukwa chake zimavuta kuzitsata.

[Wofotokoza pa kamera]

Apa wina anena kuti, "Aa, ingoikani zonsezo mu tiranzakishoni basi." Tiyeni tiyese, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Tsegulani mawindo awiri a `psql`, chida cholembera malamulo ku PostgreSQL.

[Pa sikirini: mawindo awiri]

M'mawindo onse lembani `BEGIN;` kenako `SELECT` uja. Onse akuonetsa 40. Kumanzere lembani `UPDATE` wa 30, koma musatseke tiranzakishoni. Kumanja lembani `UPDATE` wa 15. Mwaona? Windo lakumanja langoti duu, likudikira. Mzere uja uli ndi loko. Ndiye mutha kuganiza kuti detabesi yatiteteza. Bwererani kumanzere, lembani `COMMIT;`. Nthawi yomweyo kumanja kwamasuka, kwalemba `UPDATE 1`. Tsekaninso ndi `COMMIT;`, muwerenge. Ndi 15.

Detabesi sinalakwitse. Inaonetsetsa kuti awiriwa asalembe pa kamphindi kamodzi, koma nambala 15 inabwera yophikaphika kuchokera ku pulogalamu, ndipo detabesi siidziwa kuti inaphikidwa ndi 40 wakale. PostgreSQL mukangoiika imayambira pa mulingo wa tiranzakishoni wotchedwa `READ COMMITTED`, ndipo mulingo umenewu suletsa zimenezi. Vuto lili pa mpata wa pakati pa kuwerenga ndi kulemba, kaya ndi wa mamilisekondi ochepa, kaya ndi wa mphindi zisanu.

Njira yoyamba, imene ine ndimati muziyamba mwayesa, ndi kuchotsa mpatawo. Masamu achite detabesi yokha.

[Pa sikirini: khodi]

```sql
UPDATE katundu
SET zotsala = zotsala - 25
WHERE id = 7 AND zotsala >= 25;
```

Bwerezani mayeso aja. Kumanja kudikirabe, koma loko ikachoka, PostgreSQL iyang'ananso mzerewo mmene ulili tsopano. Ipeza 30, ionanso ngati 30 akukwana 25, ichotsera, kutsala 5. Zoona zake.

Koma tcherani khutu pa kachidutswa ka `zotsala >= 25`. Kontirakita uja akanafuna 35, mzere sukanagwirizana ndi `WHERE`, ndipo yankho likanakhala `UPDATE 0`. Detabesi siikuwa, siitulutsa uthenga wofiira, imangonena kuti mizere yosinthidwa ndi 0. Pulogalamu yanu ikapanda kuyang'ana nambala imeneyi, itulutsa lisiti la katundu amene kulibe. Choncho ikakhala 0, uzani wogulitsa kuti simenti sikukwana. Anzanga a Laravel, `decrement()` amatumiza masamu otere ku detabesi. A Django, ndi `F()`. Koma kuchotsera pa chinthu chimene munatenga kale kenako `save()`, kumeneko ndi kubwerera ku vuto lija.

[Wofotokoza pa kamera]

Si nthawi zonse pamene chiganizo chimakwana mu `UPDATE` mmodzi. Mwina muyenera kuona sitoko, kuona ngongole ya kasitomala, kuwerengera mtengo wa pikulitsa, kenako n'kulemba m'matebulo atatu. Pamenepo tsekani mzere pouwerenga pomwe.

[Pa sikirini: khodi]

```sql
BEGIN;
SELECT zotsala FROM katundu WHERE id = 7 FOR UPDATE;
-- masamu a pulogalamu
UPDATE katundu SET zotsala = 30 WHERE id = 7;
COMMIT;
```

Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Chirimba tsopano adikira pa `SELECT`, asanaone nambala. Akamasuka awerenga 30, osati 40. Zili ngati kiyi wa kusitolo amene ndi mmodzi yekha: wina akalowa naye, mnzake aima pakhomo mpaka atuluke.

Loko imeneyi imagwira okhawo amene akuipempha kapena akufuna kulemba. `SELECT` wamba amadutsa osaima. Ndiye ngati pali malo ena mu khodi, mwina gawo lobwezera katundu limene analemba munthu wina chaka chatha, amene akuwerenga popanda `FOR UPDATE` n'kulemba nambala yophika, bowo lidakalipo.

Chinanso, loko imakhala mpaka tiranzakishoni ithe. Musaigwire uku mukudikira munthu, kapena mukudikira yankho la malipiro a pafoni. Netiweki ikachita ulesi, aliyense wogulitsa simenti m'mashopu onse aima.

Ndipo pali kukodwa. Wa ku Limbe watseka simenti, akufuna malata a pa mzere 12. Wa ku Chirimba watseka malata, akufuna simenti. Aliyense akudikira mnzake. PostgreSQL imadikira sekondi imodzi, malinga ndi `deadlock_timeout`, kenako imafufuza, n'kuthetsa mmodzi ndi uthenga wa `deadlock detected`. Mankhwala ake ndi osavuta: nthawi zonse tsekani mizere motsatana mofanana, nambala yaing'ono poyamba, 7 kenako 12.

[Pa sikirini: fomu yosinthira katundu]

Tsopano nkhani ya mafomu, imene loko siingathandize. Bwana wa shopu atsegula fomu ya simenti kuti asinthe mtengo. Foni ilira, alankhula, apita panja, abwera patapita mphindi 20, adina batani losunga. Pakati apo akawuntanti, ali ku ofesi m'tauni, anasintha kale mtengo womwewo atalandira invoisi yatsopano. Bwana afufuta zimenezo osadziwa. Choipa kwambiri n'chakuti mafomu ena amatumiza zonse zimene zili pa sikirini, kuphatikizapo `zotsala`, ndiye 40 wa m'mawa uja abwereranso ngakhale matumba anapita kalekale. Fomu ya mtengo isamakhudze sitoko n'komwe.

Apa onjezani danga la nambala, tilitche `veshoni`. Fomu ikatsegulidwa imatenga nambalayo, tinene kuti 3, n'kuibweza posunga.

```sql
UPDATE katundu
SET mtengo = :mtengo, veshoni = veshoni + 1
WHERE id = 7 AND veshoni = 3;
```

Akawuntanti anasunga poyamba, veshoni inafika 4. Bwana akubwera ndi 3, sizigwirizana, `UPDATE 0`. Palibe amene anadikira mnzake, koma wachiwiri wagwidwa.

Chimene mungachite ndi 0 ameneyu ndiye chofunika. Musangotenga veshoni yatsopano n'kulembanso mwakachetechete, chifukwa kumeneko ndi kufufuta komwe kuja, kungoti mwazungulira. Aonetseni bwanawo: "Mtengowu wasinthidwa ndi wina pamene munali pa fomu. Nawu watsopano, nawu wanu." Asankhe okha. Ndipo malo aliwonse osintha mtengo azikweza veshoni, apo ayi chitetezo palibe.

[Wofotokoza pa kamera]

Nanga osangokweza mulingo wa tiranzakishoni? Zimatheka, koma dziwani detabesi imene muli nayo. Mu PostgreSQL, mukayamba ndi `BEGIN ISOLATION LEVEL REPEATABLE READ;` n'kubwereza mayeso a mawindo awiri aja, windo lakumanja sililemba 15. Lilandira uthenga uwu:

```
ERROR:  could not serialize access due to concurrent update
```

Koma MySQL ya InnoDB imayambira kale pa `REPEATABLE READ`, ndipo pa mayeso omwewo imalemba 15 popanda kudandaula. Dzina ndi limodzi, khalidwe n'losiyana. Ambiri kuno mapulogalamu athu ali pa MySQL kapena MariaDB, ndiye musadalire dzinalo, tsegulani mawindo awiri muyese pa seva yanu.

Mukasankha njira ya PostgreSQL imeneyi, pulogalamu iyenera kugwira khodi ya `40001`, imene imabwera ndi uthenga uja, n'kuyambiranso tiranzakishoni yonse, kuchokera pa kuwerenga. Kubwereza `UPDATE` yekha n'kubweretsanso 15 yemwe uja. Ikani malire, mwina katatu, ndi kampata kakang'ono pakati. Ndipo popeza gawo limeneli likhoza kuyenda kawiri, musaikemo chilichonse chosabwezeka. Kusindikiza lisiti ndi kutumiza uthenga ku foni ya kasitomala zichitike `COMMIT` itavomera, apo ayi kontirakita wa ku Chirimba alandira mauthenga awiri pa oda imodzi, n'kuimba foni kufunsa ngati mwamudula ndalama kawiri.