Nyimbo ya Timu ya Ana: Mmene Mungaipekere Kuti Iziimbika Ngakhale Atakuchinyani

[Chithunzi: bwalo la fumbi, ana avala yunifomu, akumanga zingwe za nsapato. Wolankhula waima pambali pa golo.]

Moni nonse. Nyimbo yoyamba imene ndinapekera anyamatawa inafa tsiku lomwelo imene tinaitulutsa. Ndinailemba ndekha usiku, mizere 12, mawu okoma zedi, ndipo pothera pake inkati "lero tiwina, chikho n'chathu". M'lole popita ku masewero inaimbika ndithu, ngakhale ena ankangong'ung'udza chifukwa mawu anali asanawagwire. Pofika pa hafu tinali titamwa zigoli 3 kwa duu. Ndinauza kaputeni kuti aiyambitse, iye anangondiyang'ana, thukuta lili kamukamu. Mwana amene wachinyidwa katatu sangaimbe kuti "tiwina" pamaso pa anthu omwe akumuseka.

Ndiye lero tipeka ina limodzi, ya timu ya ana osapitirira zaka 14, ndipo ndikuonetsani chifukwa chake mzere uliwonse uli mmene ulilimo.

[Wolankhula wakhala pa benchi, wagwira kope.]

Tiyambe ndi mpweya. Mwana amene wangomaliza kuthamanga mozungulira bwalo sangakoke mzere wautali. Njira yake tili nayo kale: m'modzi amayambitsa, gulu limavomera, monga zimakhalira kumpingo, pa chinkhoswe, ngakhale pa mtondo amayi akamasinja. Pamene woyambitsa akuimba, gulu likupuma. Pamene gulu likuvomera, woyambitsa akupuma. Komanso mwana watsopano amene wabwera lero sayenera kuloweza nyimbo yonse. Angomva funso kawiri, kachitatu wayamba kuyankha nawo.

Nyimbo yathu ndi iyi, mafunso anayi ndi mayankho anayi.

[Mawu aoneke pa sikirini, mzere umodzi umodzi.]

Woyambitsa: Afika ndani pabwalo?
Onse: Ife a ku Kawale!
Woyambitsa: Mpira ukhala kuti?
Onse: Pansi, mwendo ndi mwendo!
Woyambitsa: Mnzathu akagwa pansi?
Onse: Timudzutsa, ndi wathu!
Woyambitsa: Akatichinya chimodzi?
Onse: Wezulo sinalire!

Ikuoneka yophweka, koma pali masamu ake, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo.

[Kamera ili pafupi ndi manja a wolankhula. Akuwerenga ndi zala.]

Tiwerenge maphatikizo a mawu a funso loyamba: a, fi, ka, nda, ni, pa, bwa, lo. Alipo 8. Tikamaomba m'manja, kuomba kumodzi kumatenga maphatikizo awiri, ndiye funso lonse likwana m'kuomba kanayi. Mvetserani: A-fi, KA-nda, NI-pa, BWA-lo. Mwaona pamene kuomba komaliza kwagwera? Pa "bwa". Sizinangochitika mwangozi. M'Chichewa, tikafika kumapeto kwa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Timati "pabwaalo", sititi "pabwaloo". Timati "chimoodzi". Mzere ukakhala ndi maphatikizo 8, lachisanu n'chiwiri ndilo limagwera pa kuomba komaliza, ndipo ndi lomwelo limene pakamwa pathu pamakoka kale. Ana safunika kuuzidwa, zimangolowa zokha.

Mukaphonya apa mudzadziwa msanga. Ana amayamba kupotoza mawu kuti akwane, mudzamva akuti "KawaLEE", ngati mlendo amene akufunsa njira mudepoti. Ena amameza phatikizo limodzi, ena salimeza, ndiye gulu limagawika pawiri pakati pa mzere.

Chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri powerenga ndi "m" wa kumayambiriro kwa mawu ngati mpira ndi mnzathu. Ameneyo ndi phatikizo payekha: m, pi, ra. Atatu. Poyamba ndinalemba kuti "Mpira ukhale kwa yani?" ndikuganiza kuti akwana 8, chonsecho anali 9, ndipo kaputeni ankapunthwa pamenepo nthawi iliyonse. Nditasintha kukhala "Mpira ukhala kuti?" vuto linatha.

Tsopano mayankho. Werengani: i, fe, a, ku, Ka, wa, le. Alipo 7, ndipo mayankho onse anayi ali choncho mwadala. Malo a phatikizo limodzi lotsalalo tawasiya kumayambiriro, opanda mawu. Woyambitsa akangomaliza, kuomba koyamba kumamveka kokha, phwa, kenako gulu limalowa. Tamvani.

[Wolankhula akuomba m'manja pang'onopang'ono.]

Phwa, i, FE-a, KU-Ka, WA-le. Kuomba komaliza kwagweranso pa "wa", pamene timakoka. Kampata kameneko kamagwira ntchito ziwiri. Kamauza ana 18 nthawi yolowera onse pamodzi popanda wowaimika dzanja, komanso mawu omaliza a woyambitsa amamveka bwino asanakwiriridwe ndi gulu.

Mwina inu simuli ku Kawale. Ngati dera lanu lili ndi maphatikizo atatu, monga Ndirande, Zingwangwa, Mchesi kapena Chibavi, ingolowetsani dzinalo. Ngati lili ndi anayi, monga Chilomoni, chotsani "ku": ife a Chilomoni. Akwananso 7. Anzathu a ku Area 25 pepani, inu mupeze dzina la msika kapena la sukulu yoyandikana nayo, chifukwa manambala achizungu saimbika.

[Chithunzi: foni ili m'manja, wotchi yowerengera masekondi ikuyenda.]

Liwiro lake ndi kuomba kawiri pa sekondi, kapena kuti 120 pa mphindi. Ndi pafupifupi mmene mapazi amagundira pansi ana akamaguba mwachangu kulowa m'bwalo. Pa liwiro limeneli funso limatenga masekondi awiri, yankho awiri, nyimbo yonse masekondi 16. Kuibwereza katatu ndi masekondi 48, ndipo zimenezi zimakwana bwino pakati pa nthawi imene oyimbira mpira waitana makaputeni ndi pamene mpira ukuyamba. Yesani ndi wotchi ya pafoni. Ngati ana amaliza ulendo wachitatu m'masekondi 10, ndiye kuti athamanga, ndipo mawu asanduka phokoso chabe. Ana amathamanga ndithu, makamaka mantha akawagwira. Mankhwala ake ndi kupereka chigubu chopanda madzi kwa mwana m'modzi wodekha wa pabenchi kuti azimenya mosasintha. Amene wakhala pabenchi amapezanso chochita m'malo mokhala ndwii. Mavuvuzela okha adikire nyimbo ithe.

Za kayimbidwe kake sindichulukitsa. Amene munaimbako kwaya, musapitirire mawu asanu, kuchokera pa do kufika pa so. Funso liyambire pa so n'kumatsika, yankho liyambire pa mi n'kukathera pa do. Chifukwa chake ndi msinkhu. Pa zaka 13 ndi 14 anyamata ena mawu ayamba kukula, ena akadali ndi mawu aang'ono, ndipo uja amene mawu ake akusweka akangolira ngati tambala wamng'ono kamodzi anzake n'kumuseka, sadzatsegulanso pakamwa chaka chonse. Woyambitsa aziyambira m'munsi, pafupi ndi mawu amene amayankhulira. Akasangalala amayambira m'mwamba, gulu n'kulephera kufikako. Mudzazindikira poona kuti theka la timu likungoomba m'manja koma silikuimba.

Woyambitsayo sikuti achite kukhala kaputeni. Kwathu amayambitsa ndi goloboyi wachiwiri, kamnyamata kakafupi kamene mawu ake amamveka mpaka kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Mukhale ndi awiri, poti wina amadwala kapena kutumidwa kuchigayo Loweruka m'mawa.

[Mawu a nyimbo abwererenso pa sikirini.]

Tibwerere ku mawu. Palibe mzere umene ukulonjeza kuwina, ndipo mwamva kale chifukwa chake. Mzere uliwonse ndauyesa ndi funso limodzi: kodi angauimbe atachinyidwa 2 kwa duu? "Wezulo sinalire" ndi zoona pa hafu, ndi zoonanso kutatsala mphindi zisanu. Ukangotha mpira ndiye mzere umenewo timausiya, timathera pa "timudzutsa, ndi wathu", umene umakoma kwambiri goloboyi akalowetsa chigoli chopepuka n'kumalira yekha pa mzere wa golo.

Mzere wachiwiri ndi malangizo a kochi obisika m'nyimbo. Ana a msinkhu uwu akapanikizika amangoumenya mpira m'mwamba, kulikonse kumene upite. Ndakhala ndikukuwa kuti "ikani pansi" mpaka mawu kusasa. Tsopano ndimangofunsa kuchokera panja kuti "mpira ukhala kuti?" ndipo a pabenchi amayankha, osewera n'kukumbukira. Ngati vuto la timu yanu ndi lina, monga kusabwerera kudzatchinga, sinthani mzere umenewo, bola funso likhale la 8, yankho la 7.

Dzina la osewera musaikemo, ngakhale ndi amene amachinya kwambiri. Mwezi wamawa makolo ake asamukira ku Mzuzu, kapena mwamuika pabenchi chifukwa sabwera kokonzekera, ndiye mudzaimba bwanji? Zonyoza timu ina kapena oyimbira mpira nazonso zisalowe. Ana amazimva akuluakulu akuimba m'masitandi Maule ndi Manoma akakumana, ndipo adzafuna kubweretsa zimenezo. Koma pa masewero a ana m'mbali mwa bwalo mumakhala amayi awo, aphunzitsi, nthawi zina ndi abusa omwe anakugulirani mipira, ndipo mwana amene mukumunyozayo mawa ali kalasi imodzi ndi mwana wanu. Timu ya atsikana siyenera kusintha kalikonse, n'chifukwa chake ndinalemba "mnzathu" osati "mnyamata".

[Ana aima mozungulira, agwirana m'mapewa.]

Pophunzitsa musagawe mapepala. Pakutha pa zokonzekera za Lachiwiri, ana atatopa kale, yambani ndi kuomba m'manja kokha mpaka onse agwirizane. Kenako funso loyamba ndi yankho lake, molankhula, kasanu, kayimbidwe kabwere pambuyo. Tsiku limenelo phunzitsani mafunso awiri okha. Awiri enawo abwere Lachinayi, ndipo tsiku lomwelo ayesere kuimba akuthamanga pang'onopang'ono mozungulira bwalo, chifukwa mzere umene ukuwathera mpweya umaonekera pamenepo. Ana akasintha liwu lina okha ndipo lakwana m'kuomba, asiyeni. Ine ndinalemba "phazi ndi phazi", iwo ndi amene anati "mwendo ndi mwendo", ndipo "o" uja amamvekadi patali kuposa "i".

Tiyeni timve mmene ikumvekera yonse. Wa chigubu, yamba. Goloboyi, uyambire m'munsi.

[Chigubu chigunda kanayi. Ana aimba katatu, ulendo wachitatu akuyenda kulowa m'bwalo. Wezulo ilira.]