Bezeli ndi valuvu ya hiliyamu pa wotchi ya osambira pansi pa nyanja: kodi mukuzifunadi?

(Pa kanema: dzanja likupotoza mkombero wa wotchi, ukumveka kuti ke-ke-ke.)

Moni nonse. Mwamva kaphokoso aka? Mkombero wa manambala umene ndikupotozawu umatchedwa bezeli. Pambali pa wotchiyi palinso kachitsulo kena kakang'ono, valuvu ya hiliyamu, kotulutsira mpweya wopepuka wotchedwa hiliyamu. Ziwirizi amazitamanda pamodzi akamatsatsa malonda, koma phindu lake kwa inu ndi ine ndi losiyana kwambiri.

Tiyambe ndi bezeli. Munthu akalowa pansi pa madzi ndi thanki ya mpweya kumsana, chimene akufuna kudziwa ndi chakuti wakhalamo mphindi zingati. Tiyerekeze kuti akulowa nthawi ili 10:20, muvi wa mphindi uli pa 4. Amapotoza bezeli mpaka kachizindikiro ka makona atatu kayang'anizane ndi muviwo, basi. Muvi ukafika pa 9, ndiye kuti nthawi ili 10:45, ndipo pa bezeli ukuloza 25. Palibe zowerengera m'mutu.

Tsopano taonani ichi.

(Pa kanema: dzanja likuyesa kubweza bezeli, koma ikukana.)

Imangozungulira mbali imodzi, mosemphana ndi kayendedwe ka mivi. Anachita dala. Tinene kuti wosambira uja wagunditsa mkono pathanthwe, bezeli n'kusuntha mphindi 5. Poti ingasunthire mbali imodzi yokhayo, iwerenga 30 m'malo mwa 25. Munthuyo aganiza kuti wakhalitsa ndipo atuluka msanga. Ikanasunthira mbali inayo bwenzi ikuwerenga 20, iye n'kumaganiza kuti nthawi ikadalipo pamene mpweya ukutha. Ine nzeru imeneyi imandisangalatsa kwambiri, chifukwa ngakhale ilakwitse, imalakwitsira kumbali yopulumutsa moyo.

Masiku ano osambira ambiri amadalira kakompyuta kovala pamkono, wotchi imangokhala yothandizira. Koma pamtunda bezeli ili ndi ntchito tsiku lililonse: kuwerengera nthawi yophika, yothamanga, kapena yopuma pantchito. Malire ake ndi akuti imathera pa mphindi 60 ndipo silira, muyenera kumayang'ana nokha.

Valuvu ndi nkhani ina. Ambiri amaganiza kuti imathandiza wotchi kupirira madzi akuya. Ayi, ntchito yake sichitikira n'komwe m'madzi. Pali akatswiri amene amakonza mapaipi a mafuta pansi penipeni pa nyanja. Iwowa amakhala milungu ingapo m'chipinda chachitsulo chouma, chopopedwa mpweya wamphamvu wosakaniza okosijeni ndi hiliyamu. Tizidutswa ta hiliyamu ndi tating'ono zedi, moti pakapita masiku timadutsa pa mphira zotsekera madzi n'kudzaza m'kati mwa wotchi. Ntchito ikatha amayamba kuchepetsa mphamvu ya mpweya m'chipindamo, koma hiliyamu wa m'wotchi amachedwa kutuluka. M'kati mumakhala mphamvu yoposa kunja, ndipo galasi limatha kufwamphuka. Valuvu ndi kakhomo koti mpweyawo utulukirepo. Kampani ya mawotchi ya Rolex inaiika pa wotchi yake ya Sea-Dweller mu 1967, pamene kampani ya Seiko mu 1975 inasankha njira ina, yomata wotchi mwamphamvu kuti hiliyamu asalowe wambiri, ndipo sinafunikire valuvu.

Ndiye dzifunseni: kodi mudzagonapo m'chipinda chotere? Ngakhale wosambira wa thanki wongosangalala, amene malire ake ndi mamita 40, sakhala m'chipinda cha hiliyamu. Kwa iye, ndi kwa inu, valuvuyi sidzatsegukapo pa ntchito yake. Imangokhala bowo lina lokhala ndi mphira zoti zizisinthidwa. Ngati yanu ili yopotokola ndi dzanja, ngati ya pa Omega Seamaster, onetsetsani kuti ndi yomanga musanalowe m'madzi.

Chimene ndikanakonda muziyang'anitsitsa ndi kabatani kosinthira nthawi. Pa mawotchi ambiri otere kamamangidwa ngati sikuluwu, ndipo mukaiwala kukamanga madzi akhoza kulowera pomwepo. Yang'ananinso nambala ya mamita. Muyezo wa padziko lonse wotchedwa ISO 6425 umafuna mamita osachepera 100 pa wotchi ya osambira pansi pa madzi. Yolembedwa mamita 30 imangopirira mvula ndi kusamba m'manja, musasambire nayo.

Mphira nazo zimakalamba. Mukaona nthunzi kunsi kwa galasi imene sikuchoka, dziwani kuti chinyezi chalowa. Pitani nayo kwa wokonza mawotchi mwamsanga, asinthe mphirazo ndi kuiyesa pa makina musanailowetsenso m'madzi.