Kuchotsa deti la olenji pa chithunzi chakale osawononga mitundu

Moni nonse! Lero, pogwiritsa ntchito Photoshop, tikuchotsa timanambala ta olenji tija ta pakona pa zithunzi za filimu, monga '98 7 14.

Choyamba, mwachangu: sikanani pa 600 dpi, sungani ngati TIFF, ndipo gwirani ntchito pa leya yatsopano yokopera ku chithunzicho.

Chachiwiri, bodza limene limandipsetsa mtima. Akuti tsegulani Hue/Saturation, tsitsani mtundu wa olenji, deti lichoka. Ayi, abale anga! Deti lija si inki yodindidwa pamwamba. Kuseri kwa kamera kunali timagetsi timene tinkawalitsa manambalawo pa filimu penipeni, ndiye kuwala kwa deti ndi kwa chithunzi kudapsera pamodzi. Palibe choti mumatule, ndipo musayerekeze kupukuta pepalalo ndi sipiriti. Mukatsitsa olenji pa chithunzi chonse, khungu la anthu limatuwa, matabwa ndi dothi zimafwifwa, koma manambala aja amangotsala ali mbuu, akuwerengekabe. Mwawononga nkhope ya munthu, deti lili pompo! Amene munayesapo, tandiuzani zimene munaona.

Chimene chimathandiza ndi ichi. Tsegulani Channels muone umodziumodzi. Mu Red manambala amayera kwambiri, mu Green pang'ono, koma mu Blue nthawi zambiri saoneka kwenikweni, chifukwa kuwala kwa olenji kulibe buluu wambiri. Mizere ya nsalu kapena m'mphepete mwa tebulo mumaziona mmenemo, ndipo ndizo zikutsogolereni pokonza. Ngati mu Blue namo mwayera, dziwani kuti pamenepo tingobwereka mitundu ya pambali.



Chachitatu, zungulizani kabokosi pa deti pokha, kenako Color Range mu Photoshop, isankhe olenji wa manambalawo mkati mwa kabokosimo. Onjezani malirewo ndi Expand, mapikiselo atatu kapena anayi. Manambalawa amakhala ndi kachifunga kofiira m'mbali, ndipo mukakasiya, Healing Brush imakakokera mkati n'kusiya banga.

Tiyerekeze kuti 9 wagwera pa udzu, 8 pa malaya a mizeremizere. Pa udzu, Content-Aware Fill ikukwanira. Pa malaya imapinda mizere, ndiye tengani Clone Stamp, burashi yokulirapo pang'ono kuposa kunenepa kwa nambala. Sample ikhale Current & Below. Tapani pa mzere womwewo, pafupi, n'kuutsatira kudutsa nambalayo. Muzitapa malo atsopano pafupipafupi, apo ayi kadontho kamodzi kaziwonekera kawirikawiri.

Chachinayi, kulitsani mpaka 100%. Pamene mwakonza pakasalala kuposa ponse, ikani Add Noise pang'ono kuti pafanane ndi timchenga ta filimu.

Deti lija lilembeni m'dzina la failo, lisatayike. Sabata yamawa tikonza zithunzi zimene zidafiira chifukwa chokhalitsa.