Makalata a omvera: kodi xG imadyedwa?

Kalata yoyamba yachokera kwa omvera athu a ku Kawale: "Achimwene, timu yanga ikungoluza koma mwana wanga akuti ndisadandaule poti xG ili bwino. Kodi xG yakeyo imapereka mapointi? Ine ndikuti kochi apakire basi."

Bambo, mapointi sipereka ayi, koma mwanayo musamukalipire. xG ndi chidule cha expected goals, kutanthauza zigoli zomwe timu ikuyembekezeka kuchinya potengera mipata yomwe yapeza. Shoti iliyonse imapatsidwa nambala pakati pa 0 ndi 1, poona mashoti ambirimbiri akale omwe anamenyedwa pamalo ngati omwewo, kaya ndi mutu kaya ndi mwendo, kuti ndi angati analowa. Penate imakhala cha m'ma 0.76, kutanthauza kuti pa mapenate anayi, atatu amalowa. Kumenya uli kutali kunja kwa bokosi mwina 0.03 chabe. Ndiye mukaphatikiza zonse za gemuyo mwapeza xG. Timu yomenya mashoti 10 akutali oterewa ili ndi 0.3, pomwe anzawo omwe apeza mipata iwiri yokha pamphuno pa goloboyi, ya 0.4 uliwonse, ali ndi 0.8, ndiye amene wasewera moopsa ndi wachiwiriyu ngakhale masapota a woyambayo atuluke akuti tinawapanikiza.

Kumbukirani Brighton ya Graham Potter sizoni ya 2020/21. Mu Febuluwale 2021 anamenya mashoti 25 Crystal Palace itamenya atatu okha, koma analuza 2-1, Benteke kuchinya kumapeto penipeni. Gemu yotsatira anaphonya mapenate awiri n'kuluza 1-0 kwa West Brom, ine ndikanakhala sapota wawo bwenzi nditathimitsa TV. Anamaliza pa nambala 16 pomwe xG inkaonetsa kuti akupanga mipata yabwino kuposa yomwe akupereka kwa adani. Kochi sanachotsedwe, sizoni yotsatira anamaliza pa nambala 9.

Ndiye musanathamangitse munthu funsani mwanayo kuti akuwerenga magemu angati. Atatu kapena anayi ndi ochepa zedi, penate imodzi yokha imakweza nambala yonse. Aonenso ngati xG yambiriyo sikubwera timu itachinyidwa kale ziwiri, adani atangobwerera kumbuyo kuteteza, chifukwa imeneyo imanamiza.

Ina yachokera kwa mayi a ku Area 25: "Nanga timu ikamachinya kuposa xG yake ndiye kuti ndi mwayi?"

Nthawi zambiri eya mayi, ndipo zigolizo zimadzatsika. Koma xG imayerekeza ndi wosewera wamba, sifunsa kuti wamenya ndani. Messi ndi Son akhala akuiposa zaka zambiri chifukwa phazi lawo ndi lina. Ikakhala timu yonse, mabaki omwe, ikulowetsa chilichonse kwa miyezi iwiri, pamenepo ine mapointi akewo sindiwakhulupirira. Loweruka mukapita pa Civo tengani kapepala muzilemba pomwe shoti iliyonse yamenyedwera, mudzatilemberenso.