Mwawina matiredi 8 mwa 10 koma ndalama zachepa: tiyeni tiwerengetse

Muli bwanji nonse, takulandiraninso. Tsegulani Excel kapena Google Sheets, lero tikuwerengetsa zinthu zitatu kuchokera pa matiredi omwe munatseka kale: pulofiti fakita, avereji ya R ndi durodauni.

Choyamba, mwachangu. Kuyambira pa mzere 2, mukolamu A ikani nthawi yomwe tiredi inatsekedwa, muisanje kuyambira yakale. Mu B ikani phindu kapena luzi, mutachotsa kale komishoni ndi swapu. Mu C ikani ndalama zomwe mukanaluza sitopu losi yanu yoyamba ikanagundidwa. Yoyambayo ndithu, osati yomwe munasuntha pambuyo pake.

Chitsanzo chathu ndi akaunti ya madola 1,000, ndipo tiredi iliyonse yaika pachiswe madola 20. Zotsatira ndi izi pasikiriniyi:

```
10, 10, 10, 10, 10, -20, 10, -70, 10, 10
```

Chachiwiri, pulofiti fakita. Phatikizani zonse zomwe munawina, mugawe ndi zonse zomwe munaluza.

```
=SUMIF(B2:B11,">0")/ABS(SUMIF(B2:B11,"<0"))
```

Apa ndi 80 kugawa ndi 90, yankho 0.89. Ikakhala pansi pa 1, ndiye kuti akauntiyo ikudontha.

Ndiye imani kaye pomwepa, chifukwa nkhaniyi imandiwawa. M'magulu ogulitsa masiginolo mumamva tsiku ndi tsiku kuti "ife timawina 80 peresenti." Anthu amalipira chifukwa cha nambala imeneyo basi. Taonani pasikirini: munthu wathuyu wawinadi kasanu ndi katatu mwa khumi, 80 peresenti yeniyeni, sananame. Koma akaunti yatsika kufika pa 990. Chifukwa chake n'chakuti akawina amatenga madola 10, pomwe akaluza amataya madola 45 pa avereji. Luzi imodzi ikudya mawini anayi ndi theka. Ndi kukula kotereku, ayenera kuwina pafupifupi 82 peresenti kuti angobwerera pomwe anayambira, osapeza kalikonse. Kuchuluka kwa mawini kumangokuuzani kuti mumamwetulira kangati, sikukuuzani kuti mukalira mumalira ndi ndalama zingati. Wina akakuonetsani 80 kapena 90 peresenti, mufunseni pulofiti fakita yake. Akayamba kuzemba, gwiritsitsani ndalama zanu. Lembani m'makomenti ngati munaonapo malonda otere, koma osatchula maina a anthu chonde.

Chachitatu, R. Muyeso uwu anautchukitsa ndi mphunzitsi wa za matiredi Van Tharp, ndipo R imodzi ndi ndalama zija za mukolamu C. Mu G2 lembani izi, mukokere pansi, kenako mupeze avereji.

```
=B2/C2
=AVERAGE(G2:G11)
```

Kuwina kulikonse ndi 0.5R, luzi yoyamba ndi -1R, ndipo avereji yonse ndi -0.05R. Tsopano yang'anani mzere wa -70 uja: ndi -3.5R. Sitopu inali pa madola 20, nanga 70 yachokera kuti? Mwina mtengo unadumpha nthawi ya nkhani zikuluzikulu, koma kawirikawiri ndi dzanja la mwini wake lomwe linakankha sitopu poganiza kuti msika ubwerera. Sinthani -70 akhale -20 muone. Pulofiti fakita ikukwera kufika pa 2, avereji ya R pa 0.2. Mzere umodzi wokha.

Mwa njira, ngati mwafika pano musanasabusikiraibe, dinani batani lili m'munsimo, sabata yamawa tikambirana kukula kwa loti.

Chachinayi, durodauni. Uku ndi kutsika kuchokera pamwamba penipeni pomwe akaunti inafikapo, osati kuchokera pa dipoziti. Pakufunika makolamu atatu: D ya balansi, E ya nsonga, F ya kutsikako.

```
D2: =1000+SUM(B$2:B2)
E2: =MAX(1000,D$2:D2)
F2: =(E2-D2)/E2
```

Musaiwale chizindikiro cha dola chija, mukachisiya nsongayo izitsika limodzi ndi balansi ndipo F azingokupatsani ziro nthawi zambiri. Kokerani pansi, kenako `=MAX(F2:F11)`. Akaunti inakwera mpaka 1,050, inatsika mpaka 970. Ndi madola 80, kapena 7.6 peresenti. Wowerengera pa dipoziti anganene 3 peresenti, n'kudzinamiza yekha.

Chenjezo: tebuloli limaona matiredi otsekedwa okha. Ngati tiredi inamira ndi madola 200 kenako n'kudzatsekedwa ndi phindu la 10, kumirako sikuoneka paliponse, choncho durodauni yeniyeni ikhoza kukhala yaikulu kuposa apa. Komanso matiredi khumi ndi ophunzirira chabe, ikani mbiri yanu yonse, osasankha miyezi yabwino yokha. Mukapeza mzere womwe munaluza kuposa 1R, ulembeni m'makomenti pamodzi ndi chomwe chinachitika tsikulo. Tionana muvidiyo yotsatira.